Bowo la B3

Lachitatu m'mawa a Gregory anandipeza m'chipinda chowetera udzudzu ndikunyowetsa thonje ndi madzi a shuga. Sanapereke moni.

"Iwe, siya zimenezo. Tiye ku ofesi."

"Ndimalize khola ili kaye. Udzudzu sunadye."

"Udzudzu wako udikira."

Ndinamaliza kholalo, ndinasamba m'manja, kenako ndinawatsatira.

A Gregory ndi wophunzira wa digiri yachiwiri, anachokera ku Zomba miyezi inayi yapitayo. Kafukufuku wawo ndi wa udzudzu wa ku Wovwe umene sukufa ndi mankhwala a m'masikito. Ine ntchito yanga pa labu ino, papepala, ndi yothandizira: kutsuka, kupukuta, kudyetsa udzudzu, kulemba maina pa machubu. Sukulu ndinalekeza Fomu 2 nditatenga mimba ya Ambokile. Ndagwira pano zaka zinayi, ndipo kontirakiti yanga imatha Lachisanu la sabata yomweyo.

Mu ofesi munali a Dokotala Kayira, amene amayang'anira labu, ndi a Chakufwa, mkulu wa mashini. Patebulo panali buku lakuda lolembamo zolakwika, lotsegula. Ndinawerenga chozondoka dzina langa.

"Khalani pansi, Lughano," anatero a Dokotala. "A Gregory, fotokozani."

"Nkhani ndi yaifupi," a Gregory anatero, akutembenuza laputopu. "Udzudzu umene unapulumuka mankhwala uyenera kukhala ndi jini iyi, kachidutswa ka DNA, ikugwira ntchito kwambiri kuposa udzudzu wathu woweta. Jini yake ndi yophwanya mankhwala m'thupi. Aliyense amene anayezapo anapeza itakwera. Ine ndapeza 0.5. Theka. Ndiye kuti udzudzu wolimbawo uli ndi zochepa kuposa wofooka. Zingatheke?"

"Sizingakane kutheka," anatero a Chakufwa, maso ali pawindo.

"Sizingatheke. Machubu anasinthanitsidwa. Analemba machubu ndani?"

"Ndine," ndinatero.

"Mwamva."

A Dokotala anandikankhira pepala. Linali lovomereza kulakwa. Anati ndikasaina, nkhani ithera pomwepo ngati chenjezo. Koma ine ndinali nalo kale chenjezo limodzi, la tsiku lomwe Ambokile anakomoka ndi malungo ine n'kusiya firiji osatseka bwino. Machenjezo awiri, kontirakiti sakuwonjezera. Onse atatu ankadziwa zimenezo.

"Sindisaina."

"Ukukana chiyani?" anatero a Gregory. "Manambala ndi awa."

"Ndione mizere."

Anaseka. "Mizere. A Dokotala, mukumva? Akufuna aone mizere."

"Achimwene, manambala mwawakoka kumashini, koma mizere munaiyang'ana?"

"Ine si mchimwene wako. Ndipo sindinabwere kuno kudzaphunzitsidwa ndi munthu wa chikolopa."

A Dokotala anakweza dzanja pang'ono, osati kwambiri. Anayang'ana wotchi. Anati ali ndi msonkhano mpaka 11 koloko, ndipo akabwerako akufuna pepalalo litasainidwa, kapena chifukwa chomveka. Anatuluka.

A Chakufwa ananditsatira pakhonde. Iwo ndi amene anandiphunzitsa zonse zimene ndimadziwa za mashiniwo, pang'onopang'ono, masiku amene kunalibe alendo. Anandilankhula m'Chitumbuka, motsitsa mawu, kuti ndingosaina, iwo akandipepesera kwa a Dokotala.

"Adada, munali pomwepo Lolemba," ndinawayankha m'Chichewa, mokweza, kuti a Gregory amve m'katimo. "Munaona amene anathira puleti."

"Anyina Ambo, ine ndatsala ndi zaka ziwiri ndipume. Gregory uyu aphunzitsi ake ndi amene anatibweretsera pulojekiti."

"Ndiye ife tidye mwala?"

Anapita kukayatsa kompyuta ya mashini, analowetsa pasiwedi, n'kuchoka ngati kuti aitanidwa.

Mashini a qPCR ndi bokosi loyera, kukula ngati kafiriji. Mumalowa puleti ya timabowo 96, mizere ya A mpaka H. M'bowo lililonse timathiramo madzi osakaniza kale, ndi kadontho ka cDNA, timadzi tonyamula majini ochokera mu udzudzu. Mashiniwo amatenthetsa n'kuziziritsa maulendo 40, ndipo ulendo uliwonse chidutswa cha jini chomwe tikufuna chimachulukana kawiri: chimodzi, ziwiri, zinayi, zisanu n'zitatu. Zikachuluka zimawala, ndipo kompyuta imajambula mzere wa bowo lililonse. Mzerewo umayamba wagona pansi, kenako umadzuka, umakwera, n'kukagonanso pamwamba. Pali mzere wina wopingasa, wa malire. Ulendo umene mzere wa bowo wadutsa malirewo, nambala yake ndiye Ct. Bowo limene munali zambiri poyamba limadzuka msanga, Ct yake imakhala yaing'ono. Limene munali zochepa limachedwa.

Ndinatsegula puleti ya Lolemba. Chubu chilichonse timachithira m'mabowo atatu, kuti ngati dzanja lalakwitsa zioneke. Udzudzu woweta, jini yophwanya mankhwala: mizere itatu yogundana ngati yolukidwa, pa 25. Jini yoyezera, ija imene sisintha kaya udzudzu ndi wotani: woweta 18, wa ku Wovwe 18. Kenako ndinadina B1, B2 ndi B3, udzudzu wa ku Wovwe, jini yophwanya mankhwala.

Mizere iwiri inadzukira limodzi, 21.9 ndi 22.1. Wachitatu unagona, unagona, mpaka ndinaganiza kuti mulibe. Unadzuka pa 34, wopendekeka, osafika n'komwe pamwamba.

Ndinapita kukabati ya mabokosi a matipi.

Pa labu ino tili ndi kachitidwe kathu. Matipi ndi timilomo ta pulasitiki tomwe timavekera pipeti, chida chothirira madontho, kamodzi pa bowo lililonse, ukathira n'kutaya. Bokosi lake lilinso ndi malo 96, A mpaka H, ngati puleti. Ndiye pothira cDNA timatsegula bokosi latsopano, ndipo katipi ka pa A1 kamapita ku bowo la A1, ka pa A2 ku A2, choncho. Wina akakuyankhulitsa, umayang'ana bokosi n'kudziwa pamene unalekeza, chifukwa kadontho ka cDNA m'bowo sikaoneka ndi maso. Bokosilo timalilemba deti ndi dzina, ndipo sitiligwiritsanso ntchito mpaka zotsatira zitavomerezedwa.

La Lolemba linali pomwepo, lolembedwa ndi dzanja langa. Ndinalitenga osatsegula. Ndinkadziwa kale zimene zinali m'katimo.

A Dokotala anabwera 11 koloko itadutsa, atatopa, botolo la madzi lili m'manja. A Gregory anali pambuyo pawo, atanyamula pepala lija ndi cholembera.

"Ndili ndi mphindi khumi," anatero a Dokotala.

"Zikwana. A Gregory, pa udzudzu wa ku Wovwe munalemba Ct yanji?"

"26."

"Ndionetseni mzere umene wadutsa pa 26."

Anayang'ana sikirini. Panalibe. Pakati pa 22 ndi 34 panali poyera.

"Ndi avereji," anatero. "Ngati mawuwo ukuwadziwa."

"Ndikuwadziwa. 21.9, 22.1 ndi 34, kuphatikiza ndi 78, kugawa patatu ndi 26. Mwatenga awiri amene anafika m'mawa ndi mmodzi amene anafika madzulo, n'kunena kuti onse anafika masana."

A Chakufwa, amene anali atabwerera n'kuima pakhomo, anatsokomola.

"Ndiye zikusintha chiyani?" anatero a Gregory. "Bowo limodzi lavuta, chabwino. Zimenezo sizikuchotsa kuti unasokoneza machubu."

"Chubu chimodzi chimadyetsa mabowo atatu. Ndikanasinthanitsa, atatu onse akanasamukira limodzi. B1, B2 ndi B3 akanakhala pa 25, ndipo a woweta akanabwera pa 22. Kulemba kwanga kungalowe bwanji m'bowo limodzi n'kusiya awiri?"

A Dokotala anaika botolo pansi. Anakoka mpando.

"Pitirizani."

Ndinadina bowo la H12, limene timathiramo madzi okha m'malo mwa cDNA, loonera ngati muli zoipitsa. Nalonso linadzuka mochedwa, pa 34 ndi theka, mopendekeka chimodzimodzi. Ndinawaika pamodzi ndi B3. Anali ngati mapasa.

Kenako ndinatsegula tsamba la kusungunuka. Mashini akamaliza maulendo ake amatenthetsa pang'onopang'ono kuti aone pamene zimene zapangidwazo zikumasukira, ndipo bowo lililonse limatulutsa kaphiri. Chidutswa chenicheni cha jini iyi kaphiri kake kamakhala pa madigiri 83. B1 ndi B2 anali pa 83, aatali, osongoka. B3 inali ndi kachulu kakafupi pa 74. H12 nayo pa 74.

"Adada," ndinatero, "cha pa 74 n'chiyani?"

A Chakufwa anayang'ana a Dokotala kaye. "Ndi mapulayima," anatero. "Tizidutswa tija tofunafuna jini. Tikasowa chogwira timagwirana tokhatokha, n'kuwala pang'ono kumapeto."

"Ndiye mu B3 munalibe udzudzu," anatero a Dokotala.

"Munalibe."

"Kapena anathira pang'ono," a Gregory anatero msanga. "Kapena munalowa mpweya. Kapena matipi amene amandipatsa ndi otha ntchito. Amakonza benchi yogwirirapo ntchito ndani? Si iyeyu?"

Ndinaika bokosi patebulo n'kulitsegula. Mizere ya A mpaka D inali mabowo okhaokha, matipi atachoka, ndi pa H pomwe panathiridwa madzi. Koma pa mzere wa B, malo achitatu, katipi kamodzi kanali chiimire kokha.

Firiji inkalira kuseri.

"Wakabwezera iweyo," anatero a Gregory.

"Foni yanu inalira muli pa B2. Munavula gilavu, munatuluka, munakakamba za galimoto yopita ku Songwe. Mutabwera munayambira pa B4. Pochotsa zinthu pa benchi ndinakuuzani kuti katipi katsala."

"Sindikukumbuka."

"Munati ntchito yanga ndi kupukuta."

"A Chakufwa?" anafunsa a Dokotala.

A Chakufwa anakanda kumutu. "Foni inalira, inde. Zinazo ndinali ku firiji."

Ndinawayang'ana. Anayang'ana nsapato zawo.

A Dokotala anatenga pepala lija m'manja mwa a Gregory, analitembenuza kumbuyo kopanda kanthu, n'kundipatsa pamodzi ndi cholembera.

"Chotsani B3. Werengerani ndione."

"A Dokotala, uyu sanalembe n'komwe mayeso a Fomu 4."

"A Gregory, ndakufunsani?"

Ndinalemba. Choyamba, pa udzudzu uliwonse umachotsa Ct ya jini yoyezera pa Ct ya jini yomwe ukufuna, kuti kuchuluka kwa zimene zinalowa m'chubu kusakunamize. Imeneyo ndi delita Ct. Wa ku Wovwe: 22 kuchotsa 18, kutsala 4. Woweta: 25 kuchotsa 18, kutsala 7. Kenako umachotsa ya woweta pa ya ku Wovwe, ndiye delita delita Ct: 4 kuchotsa 7, mayinasi 3.

"Mayinasi," anatero a Gregory. "Yatsika."

Anangoziyankhula kuti anene kanthu, ndipo anazindikira okha mawu asanathe. Koma sindinawasiye.

"Mayinasi ndiye kuti yadzuka msanga ndi maulendo atatu. Ulendo uliwonse ndi kawiri. Kawiri, kanayi, kasanu n'katatu. N'chifukwa chake mu fomula muli mayinasi ina kutsogolo, yotembenuza. Jini yanu yakwera ka 8."

Pansi pake ndinalembanso zawo: 26 kuchotsa 18 ndi 8, 8 kuchotsa 7 ndi 1, ulendo umodzi mochedwa, theka. Ndinazunguliza 26.

A Dokotala anafunsa a Chakufwa ngati mapulayima a majini onse awiri anayesedwa kuti amachulukitsadi pafupifupi kawiri pa ulendo. A Chakufwa anati inde, mwezi watha, onse ali bwino, ndipo anayankha mwachangu ngati munthu wapeza funso limene silingamupweteke.

"Chabwino," anatero a Dokotala. "Koma mvetserani nonse. Sindichotsa bowo chifukwa wina wakwiya. Katipi aliyense angathe kukabwezera, zimenezo a Gregory sakunama. Mizere ikugwirizana ndi Lughano, koma ndikufuna puleti ina. cDNA yatsala?"

"Yokwana puleti imodzi," anatero a Chakufwa.

"Machubu omwewo, zolemba zomwezo. Akathire a Gregory. Mizere itatu ikagwirizana pa 22, nkhani yatha. Ikapanda kutero, Lughano, mundipeza ku ofesi."

"Ndipo ikagwirizana, iwo akupezani kuti?"

A Dokotala anaimirira. "Musawonjeze," anatero, n'kutuluka.

Tinathira 1 koloko. Ndinatsegula bokosi latsopano, ndinalilemba deti, n'kuima kumbuyo kwa a Gregory.

"Choka pamsana panga."

"Foni."

"Chiyani?"

"Ikani foni pashelefu."

Anaiponya m'thumba la jasi. Ndinangoima. Anaitulutsa n'kuiika pashelefu mwamphamvu mpaka botolo la mowa wopukutira linagwedera.

Bowo lililonse ndinkalitchula mokweza. A1. A2. Atafika pa mzere wa B khosi lawo linali litauma ngati mtengo.

"B3," ndinatero.

"Ndikuona."

"Lolemba munkaonanso."

"Ukudziwa," anatero osatembenuka, pipeti ili m'manja, "chaka chamawa ine ndidzakhala ndi digiri. Iwe udzakhala ukadali pano, ukunyowetsa thonje."

"Ndi zimene ndikumenyera. B4."

Anamata pulasitiki pamwamba pa puleti. Ndinawapatsa chopsinjira kuti adutsenso m'mphepete. Tinaizunguza pa mashini otsitsa madontho, tinailowetsa, a Chakufwa anadina batani. Ola limodzi ndi theka.

Sindinakhale pansi. Ndinatsuka mabotolo, ndinasintha madzi a mphutsi za udzudzu, ndinaimbira mchemwali wanga kuti akamutenge Ambokile ku sukulu ya mkaka chifukwa ndichedwa. Anandifunsa ngati kuli bwino. Ndinati ndidzamuuza. M'mutu munkabwera zinthu zimene sindinaziganize m'mawa: ngati cDNA yawonongeka poisungunula kachiwiri, ngati yatsala yochepa moti bowo lomaliza lalandira mpweya, ngati magetsi athima jenereta n'kuchedwa. Mizere siidziwa kuti wolungama ndani.

Nditabwerera mashini anali pa ulendo wa 17. A Gregory anali atakhala kutsogolo kwa sikirini, manja atapinda. Mizere ya jini yoyezera inali itayamba kutukula mitu. Ndinaima pambali. Pa 20, B1 inanyamuka. B2 pomwepo. B3 inatuluka pansi pa inzakeyo, yomamatira, moti poyamba ndinaiona ngati mzere umodzi wonenepa.

Zonse zitatha a Dokotala anabwera. 22.0, 22.2, 22.1. Timapiri tonse titatu pa 83. Avereji 22.1, kuchotsa 18.0 ndi 4.1. Woweta 7.0. Mayinasi 2.9. A Chakufwa anadina pa kakyuleta: 7.5.

"Ili ndi gulu limodzi la udzudzu," a Dokotala anauza a Gregory. "Musatumize kwa aphunzitsi anu mpaka magulu atatu atatha. Ndipo musanakoke nambala iliyonse, muziyang'ana mizere. Kompyuta inaika chizindikiro chachikasu pa B3 Lolemba. Simunachione?"

A Gregory anati anali pa changu.

A Dokotala anatenga pepala lovomereza kulakwa, lija ndinawerengerapo kumbuyo, n'kulipinda. "Basi. Tonse tibwerere kuntchito."

"Buku," ndinatero.

"Chiyaninso?"

"Buku lakuda. Dzina langa lili momwemo. Lachisanu a ku ofesi ya antchito amawerenga buku, sawerenga mizere."

"Ndiwauza pakamwa."

"Pakamwa munandiuzanso chaka chatha kuti za firiji sizilembedwa."

A Chakufwa anatuluka. A Dokotala anapuma mozama, anatuma a Gregory kuti akatenge bukulo. Lamulo la buku limenelo ndi lakuti sung'amba tsamba, sufufuta. Umadula mzere umodzi pa zolakwikazo kuti ziziwerengekabe, umalemba zoona pansi pake, n'kusaina ndi deti.

A Gregory anadula mzere. Pansi analemba m'Chingerezi kuti bowo la B3 silinalandire cDNA. Anafuna kutseka.

"Silinalandire kwa ndani?"

"Zakwana."

"Pamwambapa munalemba dzina langa lonse, ndi la bambo anga lomwe. Bowo silidzithira lokha."

Anayang'ana a Dokotala. A Dokotala ankawerenga uthenga pafoni yawo, kapena ankachita ngati akuwerenga. A Gregory analemba dzina lawo, tizilembo tating'ono ngati nyerere, anasaina, n'kukankha buku mpaka linagunda chigongono changa.

"Mwakhutira, amayi?"

Ndinawerenga kawiri. Deti anaiwala. Ndinawabwezera.

Lachisanu anandiitana ku ofesi ya antchito 10 koloko. Mayi wa kumeneko anatsegula buku, anafika pa tsambalo, anawerenga zodulidwazo ndi za pansi pake. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, anandipatsa kontirakiti ya chaka china. Ntchito yomweyo, dzina la ntchito lomwelo. Ndinasaina masamba onse atatu.

Pobwerera ndinakumana ndi a Gregory pakhomo la labu, atanyamula chidebe cha ayisi chokhala ndi machubu a gulu lachiwiri. Khomolo ndi lopapatiza. Palibe amene anapatuka msanga.

"Ndithira 2 koloko," anatero, akuyang'ana khoma. "A Dokotala akuti mukhalepo."

"2 koloko ndili ndi mphutsi. Hafu pasiti."

Anapatuka. Ndinadutsa.